Matumba 2,400 ndi mphindi 30: mmene ndinasanjira lipoti la chuku pamaso pa bodi ku Mchinji

Ndimagwira ntchito yoona za ubwino wa mbewu pa kopaletivi ina ya alimi a mtedza kuno ku Mchinji. Ndimatenga masampulo, ndimayeza chinyezi ndi poizoni wa chuku, uja m'mabuku amati afulatokisini, kenako ndimakauza akuluakulu zimene ndapeza. Kuyeza ndinakuphunzira kusukulu. Kukauza akuluakulu ndinakuphunzirira m'chipinda cha misonkhano, pa misonkhano iwiri ya mwezi wa Julayi yotalikirana ndi mlungu umodzi, ndipo lipoti lino ndi la misonkhano iwiriyo.

Chaka chimenecho tinagula mtedza wosenda wa CG7 wokwana matani 120, kutanthauza matumba 2,400 a makilogalamu 50, kuchokera m'madepoti athu a ku Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji. M'nyumba yosungiramo katundu tinausanja m'milu 12, mulu uliwonse matumba 200. Wogula wa ku Lilongwe ankafuna matani 100 mwezi usanathe, ndipo mgwirizano unkati mulu uliwonse usapitirire 15 ppb. Ppb ndi muyeso umene makina amaonetsa, gawo limodzi mwa magawo biliyoni, ndipo 15 ndi malire amene bungwe la Codex, loika miyezo ya chakudya padziko lonse, linaika pa mtedza umene ukupita kukakonzedwanso. Nditayeza, milu isanu ndi inayi inatuluka pansi pa malirewo: 3, 4, 4, 5, 6, 6, 8, 9 ndi 13. Milu itatu inapitirira: 22, 38 ndi 61. Itatu yonseyo inachokera ku depoti imodzi, yogulidwa kumayambiriro kwa Meyi, ndipo chinyezi chake chinali pakati pa 11 ndi 12 peresenti pamene milu inayo inali cha m'ma 7.

Aliyense amene wawerenga ndime yapamwambayi wadziwa kale chimene bodi inkayenera kumva. Ine zinanditengera masilaidi 29 kuti ndifike pamenepo, ndipo sindinafikepo.

Msonkhano woyamba

M'chipindamo munali magulu awiri a anthu. Kutsogolo kunakhala a Tcheyamani, a Msungichuma, a Manijala ndi mamembala anayi a bodi, onsewo alimi akuluakulu osankhidwa ndi anzawo. Kumbuyo, pa benchi ya kukhoma, kunakhala alangizi awiri, makalaliki a m'madepoti, woyang'anira nyumba ya katundu, ndi mnyamata amene amandithandiza mu labu. Ndinapatsidwa mphindi 30. Ndinabwera ndi masilaidi 34, osanjidwa monga momwe ntchito inayendera: chuku n'chiyani, chimabwera bwanji, tinagula liti, sampulo tinatenga bwanji, tinaipera bwanji, makina tinawayesa bwanji kuti tione ngati akunena zoona. Zotsatira za mulu ndi mulu zinali pa silaidi 29. Ndinasanja choncho chifukwa ndinkafuna kuti pofika pa uthenga woipawo, aliyense akhale atakhulupirira kale kuti ntchito inagwiridwa bwino.

Ndili pa silaidi 14 magetsi anazima. Mpaka jenereta ilire panapita mphindi khumi. A Tcheyamani anali ndi maliro ku Tembwe masana omwewo, ndipo anali atayamba kale kuyang'ana pa wotchi. Anati, "Amayi, tithandizeni. Mtedzawu upite kapena usapite?" Ndinayankha kuti zikutengera mulu, ndipo ndifika pomwepo posachedwa. Anagwedeza mutu mwaulemu, nati nkhaniyi tiipitirize Lachiwiri likudzalo, kenako anadzuka.

Kutha kwa nthawi sikunali vuto lalikulu. Vuto linali silaidi 13, yomaliza kuoneka bwino magetsi asanazime. Pamenepo ndinaika avereji ya milu yonse 12 pofuna kungoyerekeza ndi chaka chatha. Mukaphatikiza manambala aja mumapeza 179, mukagawa ndi 12 mumapeza 14.9. A Msungichuma anaona 14.9, anakumbukira kuti malire ndi 15, natuluka ali ndi yankho lawo. Mawa lake ndinamva a Manijala akuimbira foni mwini malole kuti akonzekere kunyamula matani 100. Palibe amene ananama, ndipo palibe amene analakwitsa masamu. Munthu amene wabwera kudzagamula, ukachedwa kumupatsa chigamulo, amatola nambala yoyamba imene ikuoneka ngati yankho n'kupita nayo. Ndinawathamangira a Manijala n'kuimitsa malolewo, koma usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa mtedza wa 61 ppb uja ukanakwera lole dzina langa lili pa pepala.

Kusanjanso

Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito ya maofesi ku Lilongwe ndi amene anandiuza kuti njira ya nkhaniyi ilipo kale. Mayi wina wa ku America, Barbara Minto, amene anayamba ntchito ku kampani yolangiza mabizinesi ya McKinsey m'zaka za m'ma 1960, ankaphunzitsa kuti maganizo asanjidwe ngati chulu. Pansonga pakhale mfundo imodzi, yankho lenileni. M'munsi mwake mukhale zifukwa zochepa zochirikiza yankholo, ndipo m'munsi mwa chifukwa chilichonse mukhale umboni wake. Womvetsera amayambira pansonga n'kumatsika mpaka pamene wakhutira. Wina amakhutira msanga, wina amafuna kukumba mpaka pansi, koma chulu n'chimodzi. Asilikali a ku America nawonso amaphunzitsidwa kulemba uthenga moyamba ndi mfundo yomaliza.

Ndinayamba osatsegula laputopu. Ndinapita kwa a Manijala kukafunsa funso limene ndinayenera kufunsa mlungu wathawo: kodi bodi ikufuna kugamula chiyani Lachiwiri? Anati zinthu ziwiri, matumba angati akwere lole, ndiponso ngati atulutse ndalama yosankhitsira otsalawo. Basi. Za mtundu wa nkhungu imene imapanga poizoniyu panalibe amene ankafuna kugamulapo kanthu.

Nsonga ndinailemba pa pepala ndi bolopeni, ndipo inandidyera madzulo onse. Poyamba ndinalemba kuti, "Zotsatira zikuonetsa kuti pali kusiyana pakati pa milu." Chiganizo chimenecho n'choona koma munthu sangachite nacho kanthu. Ndinafufuta n'kulemba kuti, "Milu itatu ili ndi vuto." Apa zinayamba kumveka, komabe a Tcheyamani akanafunsa kuti ndiye titani. Chomaliza chinali ichi: "Tumizani matani 90 mlungu uno. Matani 30 asapite, asankhidwe pamanja kenako ayezedwenso. Ntchitoyo itenga masiku 15 ndi amayi 20, ndipo ndikupempha bodi ivomereze ndalama yake lero." Ndalamayo ndinailemba m'makwacha. Pano ndingoti inali yofanana ndi mtengo wa matumba pafupifupi 20, poti mitengo yasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo. Masiku 15 aja anachokera pa masamu osavuta: matumba 600, mayi mmodzi amasankha awiri patsiku, amayi 20.

Pofuna kudziwa ngati nsongayo yapsa, ndinaiwerengera dalaivala wathu kamodzi kokha tili pa khonde, n'kumupempha abwereze. Anabwereza matani 90, matani 30, masiku 15, osaphonya. Chiganizo choyamba chija ndikanamuwerengera, akanangoti "chabwino" n'kukhala chete, ndipo chete ameneyo ndiye chizindikiro chakuti munthu wamva mawu koma sanapatsidwe chonyamula.

Pakati pa chulu ndinaikapo masilaidi atatu okha, chilichonse chikuyankha funso limene munthu amafunsa mwachibadwa akamva nsonga ija. Chifukwa chiyani 90 osati 100? Vutoli lachokera kuti? Nanga tikangotumiza zonse chingachitike n'chiyani? Mutu wa silaidi iliyonse ndinausandutsa chiganizo chathunthu. Pamene kale panalembedwa kuti "Zotsatira za chuku", tsopano panalembedwa kuti "Milu 9 mwa 12 ili pansi pa malire a wogula, itatu yapitirira". Pamene panali "Chinyezi" panabwera "Milu itatu yoipayo inagulidwa isanaume, ku depoti imodzi". Yachitatu inati "Mulu umodzi ukakanidwa ku Lilongwe tilipira lole kawiri ndipo wogula asiya kutikhulupirira". Munthu wokhala kumbuyo amene saona timanambala, kapena amene wangodzutsa mutu kuchoka pa foni, akawerenga mitu itatuyo yokha wamva lipoti lonse. Pansi pa mutu woyamba ndinajambula mizati 12 ndi mzere umodzi wofiira pa 15. Avereji ija ya 14.9 ndinaichotsapo.

Masilaidi otsala sindinawataye. Apa ndi pamene anzanga ambiri amalakwitsa, amaganiza kuti kuyamba ndi yankho n'kufupikitsa lipoti. Ntchito yonse ya labu inakhalapo, inangotsikira pansi pa chulu. Ndinaisanja potsata mafunso osati potsata masiku: za sampulo pamodzi, za makina pamodzi, za depoti iliyonse pamodzi, za malamulo a malire pamodzi. Pakati pa silaidi yomaliza ya akuluakulu ndi zimenezi ndinaika silaidi yakuda yopanda kanthu, kuti chala chikaterereka ndisagwere m'matebulo. Mu PowerPoint, masilaidi akuonetsedwa, ukalemba nambala ya silaidi n'kudina Enter umafika pomwepo nthawi yomweyo, ndipo ukadina B chinsalu chimada kuti anthu ayang'ane iwe. Choncho ndinalemba kapepala kakang'ono n'kukamata pambali pa kiyibodi: kusakaniza milu 22, chinyezi cha depoti ndi depoti 24, katengedwe ka sampulo 27, kuyesa makina 30. Ndinayeserera mpaka funso lililonse ndinkalifikira ndisanamalize kupuma kawiri. Umboni umene umafunika kuusakasaka anthu akuyang'ana, ukudutsa masilaidi khumi osafunika, umaoneka ngati ukuubisa. Ndipo poti magetsi anandiphunzitsa, nsonga ndi masilaidi atatu aja ndinazisindikiza pa pepala limodzi kutsogolo ndi kuseri, lililonse la membala wa bodi, pamene za pansi ndinasindikiza makope anayi a anthu a pa benchi.

Posankha chokwera ndi chotsika ndinkafunsa funso limodzi pa mfundo iliyonse: bodi ikapanda kumva ichi, ingagamule mosiyana? Ngati yankho ndi ayi, chitsike. Funsoli ndi labwino. Ndinaliyankha molakwika pa mfundo imodzi, ndipo ndifika pamenepo.

Za ulemu

Pali chinthu chimene mabuku a kunja sanena. Kwathu kuno munthu safika pakhomo n'kungoti "ng'ombe yanu yafa". Amalonjeredwa, amafotokoza za ulendo, amayala mphasa, ndipo uthenga umabwera pambuyo. Mayi wa msinkhu wanga kuimirira pamaso pa akuluakulu n'kuyamba ndi "tumizani", "musatumize", kungamveke ngati ndikulamula bodi. Ndinaopa zimenezi kwambiri, ndipo mantha amenewa ndi amene anandiyalitsa masilaidi 28 a malonje pa msonkhano woyamba uja.

Ndinachita zinthu ziwiri. Lolemba madzulo ndinapempha a Manijala andiperekeze kwa a Tcheyamani, ndipo tinawapeza pa khonde akusenda chimanga. Ndinawauza nkhani yonse m'mphindi zisanu, n'kupempha kuti mawa andilole ndiyambe ndi yankho. Anati, "Mwachita bwino kubwera. Nkhani yoipa ndikaimvera pagulu ndimasowa poyang'ana." Mtsogoleri amene wadzidzimutsidwa pamaso pa anthu ake amayamba kudziteteza m'malo moganizira nkhaniyo, ndipo njira yoyamba ndi yankho imadzidzimutsa kuposa njira ina iliyonse. Chachiwiri, malonje sindinawachotse, ndinangowapatsa malo awo. Pemphero litatha ndinapereka ulemu kwa a Tcheyamani ndi bodi yonse monga mwa mwambo, ndipo mawu olamula aja ndinawatembenuza kukhala pempho. Ulemu uli m'kaitanidwe ka anthu ndi m'kamvekedwe ka mawu. Kuchedwetsa uthenga si mbali yake.

Msonkhano wachiwiri

Ndinati, "Bambo Tcheyamani, Mayi Msungichuma, akuluakulu nonse, ndi chilolezo chanu ndiyamba ndi chimene ndabwera kudzapempha. Zifukwa zake ndi zitatu, ndizinena m'mphindi zisanu ndi zitatu. Umboni wonse ndili nawo pano, aliyense amene afune mbali iliyonse andiimitse." Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri kwa anthu a pa benchi. Mlangizi akamva yankho popanda njira imene yadzera, mtima wake umakana, amaona ngati ntchito yadumphidwa. Ukamuuza poyamba kuti njirayo ilipo ndipo aifikira, amadikira modekha.

Ndinawerenga nsonga, ndinadutsa masilaidi atatu aja, ndinamaliza pa mphindi yachisanu ndi chinayi, n'kudina B. Mphindi 21 zotsalazo zinali zawo.

A Msungichuma ndi amene anayamba. "Amayi, mlungu watha munationetsa 14.9. Bwanji tisakanize milu yonse, woipawo usowere mwa wabwino? Madzi a mchere ukathiramo ena amazizira." Funso limeneli ndinaliyembekezera. Ndinalemba 22, Enter. Ndinafotokoza kuti chuku sichisungunuka ngati mchere. Poizoni amakhala mu njere zochepa kwambiri, zonyala, zosweka, zobooka ndi tizilombo, ndipo njere imodzi yotero ingathe kunyamula poizoni wochuluka kuposa njere zabwino zikwizikwi. Tikasakaniza, njerezo sizichoka, zimangomwazikana m'matumba onse, ndipo wogula akabaya chitsulo chake pamene pali zingapo, mulu umene unali wabwino ukanidwa. Misika ina, monga ya mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya kumene malire a mtedza wodya mwachindunji ndi 4 ppb, imaletseratu kusakaniza kotero. Ndinawonjezera kuti mtedza umenewu pamapeto pake ulowa m'chiponde ndi m'phala la ana, ndipo poizoniyu amawononga chiwindi. Yankho linatenga mphindi ziwiri, kenako ndinadetsanso chinsalu. Kubwerera pamwamba ukatha kuyankha n'kofunika ngati kutsikako. Pafupi ndi silaidi 22 panali 23, yokongola ndithu, ndipo chala chinkafuna kupitirira. Ndikanatero tikanabwerera ku msonkhano woyamba.

Membala wina anafunsa ngati kalaliki wa depotiyo anaba. Ndinati manambala anga sakunena za kuba, akunena za chinyezi, ndipo chimene chinachitika tikachifufuza masana ndi alangizi. A Tcheyamani anafunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe. Anali atatsala pang'ono kutseka.

Pa benchi panali zii kuyambira pachiyambi. Apa ndi pamene mawu oti "wofuna afunse" amaperewera. Kalaliki kapena mnyamata wa mu labu sangakweze dzanja mabwana ake atagwirizana kale, ngakhale atakhala ndi funso lomutentha pakhosi. Ndinaona mnyamata wanga akupinda ndi kupindula ngodya ya kope yake, tsamba lomwelo. Ndinapempha a Tcheyamani kuti bodi isanagamule, anthu amene anagwira mtedzawu ndi manja awo anenepo, ndipo iwo anamuitana ndi dzina. Anaimirira, manja kumbuyo, nati, "Pepani Bambo Tcheyamani. Ndimangofuna kufunsa amayi za mulu wa 13 ppb uja. Paja sampulo tinatenga makilogalamu asanu okha."

Ndinalemba 27, Enter, ndipo zinali pomwepo, pa mzere wachitatu kuchokera pansi. Pofuna kusunga mtedza ndi nthawi, pa mulu uliwonse tinabaya matumba 20 n'kusonkhanitsa makilogalamu 5. Ndondomeko ya Codex yoyendera limodzi ndi malire a 15 aja imafuna sampulo ya makilogalamu 20 a mtedza wosenda. Chifukwa chake n'chomwe ndinali nditangouza a Msungichuma: poti poizoni ali mu njere zochepa, sampulo yaing'ono ingathe kuziphonya zonse n'kutuluka yoyera, kapena kugwira imodzi n'kutuluka yoopsa. Pa mulu wa 3 kapena 4 ppb mpata wolakwitsira ulipo wokwanira ndithu. Pa mulu wa 13, malire ali 15, mpatawo palibe. Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndinaziika pansi pa chulu chifukwa zinkaoneka ngati nkhani ya mu labu, ya kagwiridwe ka ntchito, ndipo kagwiridwe ka ntchito ndinali nditagamula kuti konse katsike. Ndikanafunsa moona mtima funso langa lija, yankho likanakhala inde: bodi ikadziwa kuti 13 angathe kukhala 18, igamula mosiyana.

Ndinavomera pomwepo kuti mnyamatayo akunena zoona ndipo mfundoyi inayenera kukhala pa pepala loyamba. A Tcheyamani anafunsa kuti kuyezanso kungatenge masiku angati. Ndinati atatu pa milu itatu yoyandikira malire, ya 8, 9 ndi 13. Bodi inagamula kuti milu isanu ndi umodzi ya pansi, matani 60, inyamuke Lachinayi, itatuyo idikire sampulo ya makilogalamu 20, ndipo ndalama yosankhitsira inavomerezedwa. Zonse zinatha pa mphindi 28.

Kulakwitsa kumeneku si kwanga ndekha, ndipo kwina kunapha anthu. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chinasweka pobwerera pansi, anthu asanu ndi awiri nafa. Ponyamuka, chidutswa cha zokutira thanki chinagunda phiko lake lamanzere. Chombocho chili m'mwamba, mainjiniya anaonetsa akuluakulu a NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, masilaidi ounika ngati kugundako kunali koopsa. Silaidi ina inali ndi mutu wokhazika mtima pansi, koma pa mizere ya m'munsi, m'zilembo zazing'ono, panalembedwa kuti chidutswa chenichenicho chinali chachikulu kutalitali kuposa zimene zinagwiritsidwa ntchito poyesa, pafupifupi maulendo 640. Katswiri wa kaonetsedwe ka manambala Edward Tufte anaisanthula silaidi imeneyi, ndipo komiti yofufuza ngoziyo inaika kusanthulako m'lipoti lake chaka chomwecho. Mfundo inalipo, inalembedwa, koma inali pa malo amene wogamula safika. Zathu zinali za mtedza, komabe kasanjidwe kolakwika kanali kamodzimodzi. Kukayika kumene kungasinthe chigamulo ndi mbali ya yankho lenilenilo, ndipo malo ake ndi pansonga, m'mawu amene wogamula angamve. Nsonga yanga inayenera kunena kuti, "Matani 60 ndili nawo chikhulupiriro chonse. Matani 30 ali pansi pa malire koma sampulo yake inali yaing'ono, ndipatseni masiku atatu. Matani 30 asapite."

Masana ndi anthu a pa benchi

A bodi atapita, tinakhala asanu ndi atatu mozungulira tebulo m'nyumba ya katundu, makope aja ali pakati, fungo la mtedza lili thoo. Apa chulu ndinachitembenuza. Anthu awa yankho anali atalimva kale, chimene ankafuna n'kuligwedeza aone ngati lilimba, choncho tinayenda motsata ntchito, kuyambira pa sikelo ya ku depoti mpaka pa makina. Tinatenga maola awiri, ndipo palibe anayang'ana wotchi. Mlangizi wa dera la depoti ija ndi amene anamasula mfundo. Anati kumayambiriro kwa Meyi mavenda anali atalowa m'midzi ndi ndalama m'manja, ndipo alimi pothamangira msika ankawaza madzi pa mtedza wa makoko usiku kuti ufewe, usendeke msanga osasweka. Mtedza wotero umaoneka bwino m'maso, koma ukalowa m'thumba uli wonyowa nkhungu imayamba. Kalaliki naye, poona kuti mabwana palibe, ananena yekha kuti kachipangizo koyezera chinyezi kanatha mabatire kwa milungu iwiri, ndipo ankangoluma njere kuti amve ngati yauma. Mawu amenewa sakanatuluka m'mawa uja. Ndinazindikira kuti gawo la pansi la lipoti limafuna nthawi yakeyake ndi chipinda chakechake, ndipo nthawiyo iyenera kulengezedwa msonkhano usanayambe, osati kusiyidwa kuti wofuna adzafunsa.

Pali malo amodzi amene njira yoyamba ndi yankho sindinaigwiritse ntchito. Mlungu wotsatira tinapita kukakumana ndi alimi a ku depoti ija pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko panalibe wogamula wothamangira nthawi. Panali anthu amene ankaona kuti akunamiziridwa. Ndikanayamba ndi kunena kuti mtedza wanu ndi umene uli ndi poizoni, msonkhano ukanathera pomwepo. Tinayamba ndi mbale ziwiri, ina ya njere zosendedwa zouma, ina ya zowazidwa madzi zimene tinazitsekera m'jumbo masiku asanu. Mbalezo zinayenda dzanja ndi dzanja, anthu ananunkhiza, anaswa njere ndi zikhadabo n'kuona zobiriwira m'kati, ndipo gogo wina ndi amene ananena mawu amene ife tinabwera kudzanena.

Zotsatira

Sampulo za makilogalamu 20 zinatuluka Lachisanu. Mulu umene poyamba unapereka 8 tsopano unapereka 7, wa 9 unapereka 11, wa 13 unapereka 17. Iwiri yoyambayo inatsatira anzake, kukwanitsa matani 80. Wa 17 unapita kwa amayi osankha pamodzi ndi itatu ija, matumba n'kukhala 800, masiku n'kukhala 20 m'malo mwa 15, ndipo a Manijala anapempha wogula kuti matani 20 otsala afike mu Ogasiti. Posankha tinataya pafupifupi thumba limodzi pa matumba khumi alionse. Milu itatu inatsika pansi pa malire, koma wa 61 uja unakana ngakhale utasankhidwa kawiri, ndipo sunapite. Zosankhidwazo ndinalimbikira kuti zitsekeredwe n'kuwonongedwa pamaso pa mboni, chifukwa ndikudziwa kumene zimathera zikasiyidwa poyera: m'mitondo ya amayi omwe anazisankhawo, n'kukhala nsinjiro za ndiwo za ana awo.

Pepala limene ndimapita nalo ku bodi tsopano lili ndi mizere inayi pamwamba: chimene ndikupempha, ndalama ndi masiku ake, chimene ndili nacho chikhulupiriro, ndi chimene chingasinthe yankholi. Mzere wachinayiwo sindilemba ndekha. Tsiku loti mawa ndi msonkhano ndimapatsa mnyamata wa mu labu ndi mlangizi mmodzi makope a pansi pa chulu ndi bolopeni yofiira, n'kuwapempha azungulize chilichonse chimene akuona kuti a Tcheyamani akanafuna kuchimva. Pa lipoti la soya la mwezi watha anazunguliza ziwiri. Chimodzi ndinachikweza. Chinacho, cha sikelo ya ku Kapiri imene ikusiyana ndi yathu ndi theka la kilogalamu pa thumba, tinatsutsana mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndinachisiya pa silaidi 19, nambala yake n'kuilemba pa kapepala ka pa kiyibodi. A Msungichuma anachifunsa pa mphindi yakhumi ndi chiwiri.